Balansi Ndiyo Mboni: Kusamutsa Mameseji a Ndalama Kuchoka Mufoni Kupita M'kope

Alamu anga ali ndi okala ku Bangwe, kanyumba ka njerwa kokhala ndi zenera lawaya, momwe amagulitsa shuga, sopo, mafuta oyeza, buledi ndi tina totere. Tsiku lina madzulo ndinawapeza atatseka, atakhala pa kreti ya zakumwa, foni ili m'manja, nkhope ili gwaa.

"Alamu, foniyi yakhala ikulira tsiku lonse," anatero. "Mameseji a ndalama zolowa ndi awa, onani. Koma balansi ikuti K29,200. M'mawa munali K86,400. Ndiye zapita kuti? Kapena andibera?"

Palibe amene anawabera. Tinakhala pansi ndi kope ndi bolopeni, ndipo pasanathe theka la ola kwacha iliyonse inapezeka kumene inalowera. Zonse zinali mufoni momwemo, kungoti foni imasunga mameseji ngati dengu la zovala zosachapa: uthenga wa ndalama pamwamba, pansi pake wa maliro a kumudzi, kenako wotsatsa bandulo, kenako wa kubanki. Kope ndi limene limawaika pamzere kuti alankhule.

Nkhaniyi ikutsata tsiku limodzi lomwelo la pa okala. Ziwerengero ndazifewetsa kuti tiwerengere limodzi, ndipo machaji amene ndalemba ndi achitsanzo chabe, chifukwa amasintha nthawi ndi nthawi ndipo kampani iliyonse ili ndi ake.

Zisanu zimene meseji imanyamula

Kaya mumagwiritsa ntchito Airtel Money, TNM Mpamba, kapena muli ndi akaunti kubanki imene imakutumizirani uthenga ndalama zikasuntha, mawu a meseji amasiyana koma katundu wake ndi mmodzimodzi. Meseji yolandira ndalama imaoneka mofanana ndi iyi:

```
Trans ID: XX0712.A4471
Received MK4,500.00 from 09XXXXXXXX
Bal: MK90,900.00
```

M'menemo muli zinthu zisanu. Choyamba ndi nambala ya meseji, imene imalembedwa `Trans ID` kapena `Ref`. Imeneyi ndi dzina la ulendo wa ndalamawo, ndipo palibe maulendo awiri okhala ndi nambala imodzi. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ndalama. Chachitatu ndi munthu kapena kampani ya mbali inayo. Chachinayi ndi tsiku ndi nthawi. Chachisanu, chimene ambiri amangochiyang'ana n'kudutsa, ndi balansi, ndiye kuti ndalama zimene zatsala ulendowo utatha.

Ambirife maso athu amathamangira pa chachiwiri. Tikaona K4,500 mtima umakhala pansi, foni n'kubwerera m'thumba. Koma kwa wolemba kope, chofunika kwambiri ndi chachisanu. Balansi ya meseji iliyonse iyenera kugwirana ndi balansi ya meseji yapitayo, ngati mphete za tcheni. Mukatenga balansi yakale, n'kuphatikiza zimene zalowa, n'kuchotsa zimene zatuluka, muyenera kufika pa balansi yatsopano ndendende. Zikapanda kugwirana, ndiye kuti pakati pa mameseji awiriwo pachitika chinthu chimene simunachilembe. Ntchito yonse ya kope yagona pamenepa.

Matumba atatu, masamba atatu

Musanalembe kalikonse, werengani matumba anu. Pa okala ya alamu anga alipo atatu: ndalama za m'manja zimene zimakhala m'chitini pansi pa kauntala, ndalama za mufoni, ndi ndalama za kubanki. Amene ali ndi mizere iwiri ya foni, uliwonse ndi thumba pawokha. Thumba lililonse lipatsidwe masamba akeake m'kope, chifukwa lili ndi balansi yakeyake. Mukasakaniza za kubanki ndi za mufoni pa tsamba limodzi, tcheni chija chimaduka, ndipo simudzakhalanso ndi chofananitsira.

Gulani kope la chikuto cholimba, la mtundu umene ana a sukulu ya sekondale amagwiritsa ntchito, chifukwa lofewa limanyowa ndi mafuta a pa kauntala. Tsegulani masamba awiri oyang'anana ndi kujambula mizere yotsika kuti mukhale ndi magawo asanu ndi awiri: tsiku ndi nthawi, nambala ya meseji, zachiyani, zolowa, zotuluka, chaji, ndi balansi. Pa nambala ya meseji musavutike kukopera yonse. Zilembo zinayi kapena zisanu zakumapeto zimakwanira kuti mudzaipeze mufoni. Gawo la "zachiyani" likhale lalikulu kuposa onse, chifukwa ndi lokhalo limene meseji singakuuzeni. Meseji imati mwalandira K15,000 kuchokera ku nambala yakutiyakuti. Siinena kuti ndi ngongole ya ufa wa mwezi watha. Chimenecho chili m'mutu mwanu, ndipo m'mutu sichikhalitsa masiku atatu.

Mzere woyamba wa tsamba ndi balansi yoyambira. Musailote. Imbani `*211#` ngati muli pa Airtel Money kapena `*444#` ngati muli pa Mpamba, funsani balansi, ndipo lembani imene mwaiona. Kuyambira pamenepo lamulo ndi limodzi: meseji imodzi, mzere umodzi.

Tsiku limodzi la pa okala

Tsamba la foni la alamu anga la tsiku lija linatha likuoneka motere:

| Nthawi | Nambala | Zachiyani | Zolowa | Zotuluka | Chaji | Balansi |
|---|---|---|---|---|---|---|
| M'mawa | | Balansi yoyambira | | | | 86,400 |
| 7:12 | 4471 | Malonda: shuga ndi sopo | 4,500 | | | 90,900 |
| 9:40 | 5208 | Ngongole yabwezedwa | 15,000 | | | 105,900 |
| 11:05 | 6630 | Kusamutsa: kuchoka kubanki | 150,000 | | | 255,900 |
| 11:30 | 6702 | Kuoda katundu ku Limbe | | 180,000 | 1,000 | 74,900 |
| 14:15 | 7915 | Zapakhomo: magetsi | | 10,000 | | 64,900 |
| 15:20 | 8346 | Zapakhomo: bandulo | | 2,000 | | 62,900 |
| 16:50 | 9054 | Malonda: mafuta ndi buledi | 7,500 | | | 70,400 |
| 17:30 | 9377 | Kusamutsa: kutapa kwa ejenti | | 40,000 | 1,200 | 29,200 |

Mizere itatu yoyambirira sinavute. Pa wa 11:30 ndi pamene tinaima koyamba. Balansi inali K255,900, alamu analipira wa holoselo K180,000, choncho tinkayembekezera K75,900. Meseji inkati K74,900. K1,000 yosiyanayo ndi chaji. Mameseji ena amalemba chaji poyera, ena amangoichotsa mwakachetechete n'kukuonetsani balansi yotsika. Njira yoipezera ndi yomweyi: werengani nokha, kenako fananitsani.

Pamene tinaimanso ndi pa meseji ya 16:50. Poyamba mzere wa bandulo panalibe, chifukwa meseji yake sitinaione. Titalemba za magetsi balansi inali K64,900. Kuphatikiza K7,500 ya mafuta ndi buledi timayenera kupeza K72,400. Koma meseji inkati K70,400. Panasowa K2,000. Ubwino wa tcheni ndi wakuti sichingokuuzani kuti ndalama zasowa, chimakuuzaninso nthawi yake: pakati pa 14:15 ndi 16:50. Alamu anaganiza pang'ono, n'kuitana mwana wawo wamkulu, amene ankayang'anira okala masanawo iwo atapita kumsika.

"Iwe, unagwira foni masana?"

"Ndinagula bandulo ya K2,000, amayi. Ndimafuna ndikuuzeni."

"Nanga meseji yake ili kuti?"

"Foni inkati yadzaza, ndiye ndinafufuta ena."

Tinaipeza pofunsa kasitetimenti kakang'ono ka maulendo aposachedwa pa menyu ya foni. Tikadadikira sabata, maulendo atsopano akadaikankha, chifukwa kasitetimenti kameneka kamangoonetsa maulendo ochepa omalizira.

Potseka tsamba, phatikizani gawo lililonse. Zolowa zinakwana K177,000, zotuluka K232,000, machaji K2,200. Tsopano K86,400 kuphatikiza K177,000 ndi K263,400; kuchotsa K232,000 kutsala K31,400; kuchotsa K2,200 kutsala K29,200. Imeneyi ndiyo balansi inali mufoni. Tinajambula mizere iwiri pansi pake, kusonyeza kuti tsiku latsekedwa ndipo latsimikizika.

Si zonse zolowa zili malonda

Apa ndi pamene panagona vuto lenileni la alamu anga. Iwo ankaona kuti tsiku limenelo "kwalowa" K177,000. Kope likuti malonda a pafoni anali K12,000 yokha: K4,500 ya m'mawa ndi K7,500 ya madzulo.

K150,000 sinali yachilendo. Inali ndalama yawo yomwe, inangochoka kubanki kubwera mufoni, ngati kuchotsa ufa m'thumba kuika m'ndowa. Ufa sunachuluke. Chimodzimodzi K40,000 imene anatapa kwa ejenti: sinawonongedwe, inangochoka mufoni kupita m'chitini. N'chifukwa chake mizere yotere timaiyamba ndi mawu akuti "kusamutsa", ndipo iliyonse iyenera kukhala ndi mnzake pa tsamba lina. K40,000 yotuluka pa tsamba la foni ioneke ngati yolowa pa tsamba la ndalama za m'manja tsiku lomwelo. Ikapanda kuoneka, funsani amene anapita kwa ejenti. Pa kusamutsa kulikonse, chimene chatayika ndi chaji yokha.

K15,000 ya ngongole nayo ndi ina. Katundu wake anatuluka mwezi watha, ndipo ngati munamulemba ngati malonda tsiku limene anatuluka, musamuwerengenso lero. Lembani ndalamayo pa tsamba la foni, kenako tsegulani masamba a ngongole kumapeto kwa kope ndi kuichotsa pa dzina la mwini wake, pamodzi ndi nambala ya meseji. Tsiku lina akadzati "ndinatumiza K20,000 ine", simudzakangana: mudzatsegula kope, kupeza nambala, ndi kumuonetsa meseji.

Palinso chizolowezi cha m'makwalala chimene chimasokoneza ambiri. Mnansi amabwera n'kuti, "Ejenti watseka, ndikutumizireni K20,000 mundipatse ya m'manja." Meseji imafika yooneka ngati ya malonda, koma simunagulitse kanthu. Kumeneku ndi kusamutsanso: K20,000 yalowa mufoni, K20,000 yatuluka m'chitini. Ndipo kumbukirani kuti mukadzafuna kuitapa, chaji idzakhala yanu, pokhapokha mnansiyo ataikapo yotapira.

Titasiyanitsa zonsezi, alamu anayang'anitsitsa mizere iwiri ya "zapakhomo". Magetsi K10,000, bandulo K2,000, pamodzi K12,000. "Ndiye kuti zonse ndagulitsa pafoni lero zadyedwa kunyumba," anatero. Sikulakwa kuti okala idyetse nyumba, ndi chimene anaitsegulira. Kulakwa ndi kusadziwa kuti nyumba yadya zingati, chifukwa ndi mmene mpamba umathera mwini wake akuganiza kuti malonda ndiwo avuta.

Meseji ya kubanki

Ulendo wa 11:05 unabala mameseji awiri, wina wa pafoni ndi wina wa kubanki. Wa kubanki unali wa mtundu uwu:

```
Acc XXXX218 DR MWK150,000.00
Ref: 88412093
Avail Bal: MWK261,800.00
```

`DR` kapena `debited` ndiye kuti ndalama zachoka mu akaunti yanu. `CR` kapena `credited` ndiye kuti zalowa. `Avail Bal` ndi ndalama zimene mungathe kugwiritsa ntchito pakali pano, zimene nthawi zina zimachepa poyerekeza ndi zonse za mu akaunti, monga pamene mwaika cheke chimene banki sinamalize kuchitsimikiza. Sankhani kutsata balansi ya mtundu umodzi nthawi zonse, apo ayi muzidzasakasaka ndalama zimene sizinasowe.

Tsamba la kubanki la alamu linali ndi K412,300 ulendowu usanachitike. Kuchotsa K150,000 kumatsala K262,300, koma meseji ikuti K261,800. K500 imeneyo ndi chaji ya banki, ndipo imalembedwa pa tsamba la banki, osati la foni. Choncho machaji onse a tsikulo anali K2,700. Onani kuti nambala ya banki ndi ya pafoni n'zosiyana ngakhale ulendo ndi umodzi. Chimene chimalumikiza mizere iwiriyi ndi kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi.

Banki ili ndi khalidwe lina loyenera kulidziwa: si zonse zimene imachotsa zimabwera ndi meseji. Chaji ya pamwezi yosungira akaunti, ya khadi, ngakhale ya mameseji omwewo, kawirikawiri zimangoonekera pa sitetimenti. N'chifukwa chake tsamba la kubanki limafuna kuyeretsedwa kamodzi pamwezi. Tengani sitetimenti, ikani kachizindikiro pa mzere uliwonse umene uli m'kope komanso pa pepala la banki. Zotsala zopanda chizindikiro pa pepala la banki ndi zimene simunalembe, zilembeni. Zotsala zopanda chizindikiro m'kope ndi zimene banki sikuzidziwa, ndipo zimenezo n'zofunika kufunsa.

Balansi ikakana kugwirana

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musafufute tsamba lonse. Lembani pambali kusiyana kwa balansi yanu ndi ya meseji, chifukwa nambala imeneyo nthawi zambiri imaulula yokha chimene chalakwika.

Ngati kusiyanako ndi kochepa, monga K200 kapena K1,000, ndipo kwabwera pa ulendo wotumiza kapena wotapa, ganizirani chaji. Ngati kukufanana ndendende ndi ndalama ina imene mukuikumbukira, ndiye kuti mwadumpha meseji kapena mwailemba kawiri. Kulemba kawiri kumachitika chifukwa netiweki ikavuta meseji imodzi imatha kufika kawiri. Yang'anani nambala, ngati ndi imodzi ndiye kuti ulendo ndi umodzi. Koma ngati nambala ndi ziwiri ndipo balansi yatsika kawiri, mwalipiradi kawiri, kaya chifukwa munabwereza poganiza kuti koyamba sikunatheke.

Ngati kusiyanako mukakugawa pawiri kukupereka ndalama imene ili pa tsambalo, mwaika ndalamayo m'gawo lolakwika. K7,500 yolowa ikalembedwa ku zotuluka, balansi imasiyana ndi K15,000, chifukwa mwaichotsa pamene mumayenera kuiphatikiza. Ndipo ngati kusiyanako kukugawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri mwatembenuza manambala kapena mwadumpha ziro. Mukalemba 5,700 m'malo mwa 7,500, kusiyana kwake ndi 1,800, ndipo 1,800 kugawa ndi 9 ndi 200. Mukalemba 450 m'malo mwa 4,500, kusiyana ndi 4,050, kumenenso kukugawika ndi 9. Njira imeneyi ndi yakale ya osunga mabuku a ndalama, ndipo imapulumutsa nthawi yambiri.

Nthawi zina palibe cholakwika, mameseji angofika mosemphana. Ya masana imatha kufika usiku, itadutsidwa ndi anzake atatu. Musatsate mmene zafikira mufoni. Ziyaleni motsata balansi: meseji iliyonse ili ndi malo amodzi okha pamene balansi yake ikugwirana ndi yapambuyo ndi yapatsogolo.

Ulendo ukalephereka ndalama n'kubwezedwa, mudzalandira meseji ina yokhala ndi mawu ngati `reversal`. Musafufute mzere woyamba. Lembani mzere watsopano wa zolowa, ndi kutchula nambala ya ulendo umene wabwezedwa. Onaninso ngati chaji yabwerera limodzi ndi ndalamayo, balansi idzakuuzani. Cholakwika chilichonse m'kope chidulidwe ndi mzere umodzi woti pansi pake pazionekabe, kenako cholondola chilembedwe pambali. Kope lodzaza ndi zofufutafufuta silikhulupirika, ngakhale kwa mwini wake.

Meseji yabodza sidziwa balansi yanu

Pali anthu amene ntchito yawo ndi kulemba mameseji ofanana ndi a kampani. Amakutumizirani uthenga wakuti mwalandira K50,000, pakangopita kanthawi n'kuimba ndi mawu achisoni: "Pepani, ndatumiza molakwika, inali ya kuchipatala, chonde bwezani." Ena amabwera pa okala penipeni, kutenga katundu, n'kukuonetsani meseji kapena chithunzi pa foni yawo kuti alipira.

Chizindikiro choyamba ndi wotumiza. Meseji yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani kapena la banki, pamzere womwewo umene amabwerera mameseji ena onse a ndalama. Yabodza kawirikawiri imachokera ku nambala wamba ya munthu. Koma chizindikiro champhamvu chili m'kope. Wakuba angathe kukopera mawu onse, koma sadziwa kuti mufoni mwanu muli zingati. Ngati kope likuti K29,200 ndipo mwalandiradi K50,000, balansi iyenera kukhala K79,200. Meseji yabodza idzalemba nambala ina yongopeka, kapena idzasiya balansi osaitchula. Amene salemba kope sadziwa kuti amayenera kuona nambala iti, ndipo ndi amene amabweza ndalama imene sanalandire.

Mukakayika, imbani nokha menyu ya kampani ndi kufunsa balansi katundu asanachoke pa kauntala. Meseji ya pa foni ya kasitomala si lisiti yanu. Yanu ndi imene yafika pa foni yanu. Ndipo ngati munthu watumizadi molakwika, muuzeni apite ku kampani kuti ibweze kudzera m'njira yake. Mukabweza nokha, kampani n'kudzabwezanso, mwataya kawiri.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kulowa m'kope ngakhale pang'ono: nambala yanu yachinsinsi, ndi manambala osakhalitsa amene banki imatumiza potsimikiza ulendo, aja amalembedwa `OTP`. Kope limakhala pa kauntala, limagwiridwa ndi ana, limaiwalika m'minibasi. Nambala ya akaunti nayo lembani zilembo zakumapeto zokha.

Nthawi yolembera, nthawi yofufutira

Pa okala yotanganidwa simungalembe mzere wonse kasitomala ali pazenera. Chimene alamu amachita tsopano ndi kusunga kapepala pambali pa chitini. Foni ikalira amalemba nthawi, ndalama ndi mawu awiri, monga "9:40, 15,000, ngongole ya ufa". Madzulo atatseka ndi pamene amasamutsira m'kope, foni ili kumanzere, kapepala kumanja. Pakhomo pamene mameseji ndi ochepa, kawiri pa sabata n'kokwanira, bola musapitirire pamene mungakumbukire kuti ndalama iliyonse inali yachiyani.

Mafoni ang'onoang'ono a mabatani amasunga mameseji ochepa, ndipo akadzaza atsopano amaima panja mpaka mutafufuta ena. Lamulo la m'nyumba likhale lakuti meseji ya ndalama safufuta aliyense koma wolemba kope, ndipo amafufuta imene yalembedwa kale ndi kutsimikizika. Ya ndalama zikuluzikulu, monga fizi, lendi ndi kuoda katundu, isungeni mpaka mbali inayo itavomera kuti yalandira, ndipo pa imeneyi koperani nambala yonse. Ya magetsi a ESCOM musaifufute musanalowetse manambala 20 aja mu mita. Kapepala kamene ejenti kapena makina a kubanki amatulutsa kamafufutika kokha pakapita miyezi, makamaka kakakhala padzuwa, choncho nambala yake ikopereni tsiku lomwelo.

Amene ali ndi kompyuta kapena foni yaikulu angachite zomwezi mu Excel kapena Google Sheets, magawo omwewo asanu ndi awiri kuyambira `A` mpaka `G`. Balansi yoyambira ikhale mu `G2`, ndipo mu `G3` mulembe:

```
=G2+D3-E3-F3
```

Kenako mukokere pansi. Koma onjezani gawo lachisanu ndi chitatu lolembamo balansi ya mu meseji ndi dzanja, kuti muzifananitsa. Makina amawerenga bwino zimene mwawapatsa, koma sadziwa za bandulo imene mwana anagula masana.

Zimene kope ili silinena

Tsamba la foni likagwirana mpaka pa kwacha yomaliza, sizitanthauza kuti okala ikupindula. Likungotsimikiza kuti mukudziwa kumene ndalama iliyonse yadzera. K180,000 ya ku Limbe sinatayike, yasanduka makatoni a sopo ndi mabelo a shuga amene ali pa shelefu, ndipo phindu lake lidzadziwika pofananitsa mtengo woodera ndi wogulitsira komanso powerenga katundu wotsala. Malonda a ndalama za m'manja alibe meseji. Balansi yake ndi kuwerenga chitini madzulo aliwonse. Katundu wotengedwa pangongole, ndi paketi ya shuga imene yapita kukhitchini, nazo sizilira pafoni. Zimenezi zimafuna dzanja lanu lokha.

Chimene masamba a mameseji amapereka pakutha pa mwezi ndi mitu inayi yophatikiza mosavuta, ngati munayamba mzere uliwonse ndi mawu ake: malonda, kuoda, zapakhomo ndi machaji. Alamu anga ataphatikiza gawo la chaji koyamba anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kuwerenga kuti anapita kangati kwa ejenti kukatapa tindalama ting'onoting'ono, ndi kangati anasamutsa ndalama kuchoka kubanki kupita mufoni n'kuitapanso tsiku lomwelo, kulipira kawiri pa ndalama imodzi. Tsopano wa holoselo amene amalandira kudzera kubanki amamulipira kuchokera kubanki komweko, ndipo kwa ejenti amapita akafunadi ndalama za m'manja.

Sabata yatha ndinadutsanso pa okala paja madzulo. Mnyamata wina anali pazenera, botolo la mafuta lili m'manja, akuonetsa foni yake kuti watumiza kale. Alamu sanayang'ane foni ya mnyamatayo. Anatsegula kope, n'kuika chala pa mzere womaliza, n'kutenga foni yawo.

"Dikirani pang'ono, achimwene," anatero. "Ikalira kuno iyenera kunena K48,300. Ikatero, mafutawo ndi anu."